Mahashitagi atatu akukwana, abale a msewu wa Gaborone

Abale a m'gulu lino, amageni ndi madalaivala nonse, tamva kudandaula kuti ife oyang'anira gulu tikumabweza mapositi ena kuti eni ake akalembenso. N'zoona, tikubweza. Koma chimene chatilembetsa lero n'chakuti ambiri akalembanso akumakonza mawu bwinobwino, kenako n'kuthira pansi pake mulu wa mahashitagi womwe uja, nthawi zina n'kuwonjezeranso ena. Ife tikuona kuti positi ya katundu, ya malo m'thiraki kapena ya uthenga wa pa boda imafunika mahashitagi atatu basi, pa mzere wawokha pansi penipeni, ndipo asankhidwe mawu onse atalembedwa kale. Tifotokoza chifukwa chake ndi nkhani ya mnzathu wina wa m'gulu momwe muno, yemwe watilola kuinena bola tisamutchule dzina.

Mnzathuyu anatsitsa katundu ku Gaborone West Lolemba, ndipo anayenera kunyamuka Lachinayi kubwerera ku Lilongwe kudzera ku Francistown, Nata, Kazungula, Lusaka, Chipata mpaka Mchinji. Katundu wobwerera naye anali atapeza kale, koma munatsala malo a matani 8. Aliyense amene anayendapo msewu umenewu akudziwa kuti matani 8 opanda kanthu ndi dizilo wongopsa. Ndiye analemba chonchi:

```
#Space #available #Gabs to #LLW #8 tons #truck
#Malawi #Zambia #Botswana #SADC #hustle #blessed
#business #Martin's Drift #cross-border #ng'ombe
inbox
```

Masiku awiri anadutsa osalandira foni ya munthu wa katundu. Amene anamulembera anali awiri, wina wotsatsa ngongole, wina wofunsa ngati akulemba ntchito othandiza dalaivala. Titayang'ana positiyo sitinadabwe. Tsiku lonyamuka palibe, njira palibe, mtundu wa thiraki palibe. Mayi wa geni amene ali ndi makatoni ake ku Mogoditshane akaiona amangoona mizere ya buluu yothithikana, ndipo chala chimapitirira chisanamve n'komwe kuti munthuyu akupita kuti.

Tiyambe ndi zimene zinathyoka, chifukwa izi sizifuna kutsutsana. Hashitagi imathera pamene pali mpata kapena chizindikiro chilichonse cha m'kalembedwe. Mukalemba #Martin's Drift, foni imawerenga #Martin basi, ndipo positi yanu imakakhala pamodzi ndi zithunzi za anthu onse otchedwa Martin. Mukalemba #cross-border, yatsala ndi #cross, ya mitanda ya kutchalitchi. Chichewa chathu ndiye chili ndi msampha wakewake: #ng'ombe imaduka n'kukhala #ng, ndipo mawu aliwonse okhala ndi kachizindikiro kam'mwamba kaja amathyoka chimodzimodzi. Kudziwa kuti yathyoka n'kosavuta. Mukatumiza, yang'anani pamene mtundu wa buluu kapena kuda kwa zilembo kwathera. Ngati kwathera pakati pa mawu, hashitagiyo yaduka pomwepo. Dzina la boda ngati limeneli lilembedwe mophatikiza, #MartinsDrift, ndipo chilembo choyamba cha liwu lililonse chikhale chachikulu. Kukula kwa zilembo sikusintha chimene foni ipeze, koma kumathandiza maso a munthu amene akuwerenga ali pa mzere pa boda dzuwa likuomba pa foni.

Tisaiwale kuti mnzathuyu sankadutsa n'komwe pa Martin's Drift. Boda imeneyo ndi yolowera ku South Africa, kutsidya kwake ndi Groblersbrug. Anaiikapo chifukwa anaona kuti madalaivala ambiri amaitchula. Nayonso #ng'ombe anaiika chifukwa akuti Botswana ndi dziko la ng'ombe. Apa ndiye pamene timasiyana maganizo ndi ena a inu. Mumati kuchulukitsa mahashitagi kuli ngati kuponya mbedza zambiri m'madzi, ina igwira ndithu. Ife tikuti mbedza zimenezo zimagwira anthu olakwika, ndipo anthu olakwika amadya nthawi ndi bandulo. Wa katundu wa ku Polokwane akakupezani pa #MartinsDrift n'kukuimbirani, mucheza mphindi zisanu musanazindikire kuti mukunena misewu iwiri yosiyana. Tsiku lina akadzaona dzina lanu pa hashitagi yomweyo sadzaimbanso, ngakhale pa tsiku limene mudzakhale mukudutsadi pamenepo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Pali ena amene ali mbali inayo, amati mahashitagi ndi zachibwana za ana a sukulu, munthu wamkulu angolemba mawu ake. Awa ali ndi mfundo ndithu, ndipo tiwavomereze poyera. Malo ofufuzira m'gulu la Facebook amapeza mawu wamba, osati mahashitagi okha. Mukalemba kuti Kazungula m'chiganizo chanu, wofufuza dzina limeneli akhoza kukupezani popanda kachizindikiro ka # n'komwe. Pa WhatsApp ndiye hashitagi sidinika, imangokhala ngati liwu lina lililonse. N'chifukwa chake timati mawu ayambe. Positi yolembedwa bwino yopanda hashitagi imaposa kutali positi yosamveka yokhala ndi mahashitagi 20.

Komabe sitikugwirizana nawo kuti tiwasiyiretu, ndipo chifukwa chake ndi kalembedwe kathu. M'gulu muno dzina limodzi timalilemba m'njira zosawerengeka. Wina alemba Gaborone, wina Gaberone, wina Gabs, wina Haboroni potsata mmene eni dziko amatchulira. Wina aphatikiza n'kulemba kuGaborone kapena pakazungula ngati liwu limodzi. Tlokweng ndiye musanene, tinaonapo Tlokweni, Klokweng ndi Tokweng tsiku limodzi. Wofufuza akalemba dzina molondola, mapositi olembedwa mwanjira zinazi akhoza kumudutsa. Hashitagi ya pansi ija ndi malo amodzi pamene tonse tingagwirizane kalembedwe kamodzi, pamwamba aliyense n'kumalemba mmene lilime lake likufunira. Ntchito yake ndi imeneyi, ngati dzina lolembedwa ndi inki pa thumba mu shedi ya katundu. Sikuti imakankha positi kuti ionedwe ndi dziko lonse. Pamene Chris Messina ankaipereka ngati ganizo pa Twitter mu 2007, cholinga chinali kusonkhanitsa zokamba za nkhani imodzi pamalo amodzi, ndipo Facebook itaiyamba mu 2013 inatengera ntchito yomweyo.

Tsono atatuwo asankhidwe bwanji? Ife timadzifunsa kuti munthu amene tikumufunayo, atakhala pa Bus Rank ya Gaborone ndi foni m'manja, alemba chiyani pofufuza. Mayi wa makatoni uja salemba #hustle kapena #blessed. Palibe munthu anafunapo thiraki polemba #business. Iye ali ndi mafunso atatu m'mutu: kodi pali malo, kodi ali kuno, kodi adutsa njira yanga. Ndiye hashitagi yoyamba inene mtundu wa positi, yachiwiri inene kumene muli, yachitatu inene kumene mukupita kapena boda imene isiyanitsa njira yanu ndi ya ena.

Yachitatuyi ndi imene imafuna kuiganizira. Kuchoka ku Gaborone kupita ku Malawi pali njira ziwiri zimene ambiri timayenda. Ina ndi ya mnzathu ija, ya pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Ina ndi yopatukira ku Francistown kulowera pa Ramokgwebana, kutulukira Plumtree, kudutsa Bulawayo, Harare, Nyamapanda, Tete, n'kulowa kwathu pa Mwanza kapena pa Dedza. Wa katundu wa ku Blantyre amafuna yachiwiriyi. Amene akufuna kutsitsa zina ku Lusaka amafuna yoyamba. Mukaika #Malawi simunauze aliyense wa awiriwa kanthu, chifukwa mathiraki onse awiri akupita ku Malawi. Mukaika #Kazungula mwayankha funso lawo ndi liwu limodzi. Mayina a mayiko ndi aakulu kwambiri pa ntchito imeneyi. #Botswana njodzaza ndi njovu za ku Chobe, maukwati ndi ndale, ndipo positi ya matani 8 imamira m'menemo nthawi yomweyo.

Mnzathu uja titakhala naye pansi, analembanso chonchi:

```
Malo a matani 8 alipo, Gaborone kupita ku Lilongwe.
Ndinyamuka Lachinayi pa 14 m'mawa, kudzera
Kazungula, Lusaka, Chipata, Mchinji.
Thiraki ya matenti, katundu wouma yekha.
Mapepala anu a kasitomu akhale okonzeka.
Ndilembereni ku inbox.

#Backload #Gaborone #Kazungula
```

Taonani kuti zonse zimene munthu akufuna kudziwa zili m'mizere iwiri yoyambirira. Izi n'zofunika chifukwa Facebook imadula positi yaitali n'kuika See more, ndipo ambiri sadina pamenepo. Mukaika mahashitagi pamwamba, mwagulitsa malo abwino kwambiri a positi yanu kwa mawu amene sanena tsiku kapena matani. Pansi sataya mphamvu, foni imawapeza chimodzimodzi ngakhale atabisika kuseri kwa See more. Mzere wopanda kanthu umene uli pakati pa mawu ndi mahashitagi nawonso si wokongoletsa chabe. Umauza diso kuti uthenga wathera apa, zotsatirazi ndi zolembera pa thumba.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangoika # pa mawu a m'chiganizo momwemo, monga kulemba kuti ndinyamuka ku #Gaborone kudzera pa #Kazungula, kuti tisabwereze. Pa positi ya mzere umodzi, monga yochenjeza kuti mzere wa mathiraki watalika pa #Tlokweng, zimenezi zilibe vuto, ndipo ifenso timatero. Koma pa positi yokhala ndi manambala, masiku ndi mayina a malo asanu, mawu a buluu pakati pa chiganizo amakoka diso kuchoka pa tsiku lonyamuka. Palinso vuto la chala. Munthu akufuna kudina See more, chala chikugunda hashitagi, foni yamutengera ku tsamba lina, ndipo pa netiweki ya pa boda sabwereranso kudzakufunani. Ndiponso m'chiganizo ndi mmene timalakwitsa n'kulemba ku#Gaborone mophatikiza, pamene kachizindikiroko kakagundana ndi chilembo cha kutsogolo kwake nthawi zambiri sikagwira ntchito.

Pa #Backload tinakanganapo ife eni. Ena ankafuna #MaloAlipo, poti ndi Chichewa ndipo gulu lino ndi lathu. Tinasankha #Backload chifukwa ndi liwu limene dalaivala wa ku Zambia, kalaliki wa ejenti ku Tlokweng ndi mwini katundu wa Chitswana onse amalidziwa ndipo amalilemba mofanana. Uthenga ukhoza kukhala m'Chichewa chokhachokha, koma hashitagi ikhale m'chilankhulo cha amene akufufuza. Izi zimagwiranso kwa ogulitsa. Mayi amene wabweretsa zitenje kuti agulitse kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia okhala ku Gaborone adziwe kuti kwathu timalemba #chitenje pamene anzathu a ku Zambia amalemba #chitenge, ndipo kwa foni amenewa ndi mawu awiri osiyana. Apa tikhoza kulola onse awiri, mahashitagi n'kukhala anayi, chifukwa aliyense ali ndi anthu ake enieni. Chimene sitilola ndi kuikapo #leteisi pofuna kukopa amayi a Chitswana. Leteisi ndi nsalu yawo ina, yamaluwa ang'onoang'ono imene amavala pa maukwati ndi pa miyambo, ndipo amene wadina pamenepo n'kupeza zitenje amaona ngati mwamunamiza.

Musanakhazikike pa hashitagi iliyonse, ilembeni kaye pofufuzira n'kuona mapositi khumi oyambirira. Ngati ambiri mwa iwo ndi a nkhani ngati yanu, ndipo ndi a masabata apitawa, itengeni. Ngati mukutuluka zina, isiyeni. Mayeso amenewa ndi amene anatichotsera #Gabs. N'zoona kuti aliyense kuno amati Gabs, koma pa intaneti Gabs ndi dzinanso lachidule la anthu ambirimbiri otchedwa Gabriel kapena Gabriella. #Mwanza nayo muiyese, mudzapeza kuti mzinda waukulu wa ku Tanzania wa m'mbali mwa nyanja ya Victoria ndi umene wadzaza, boda yathu ili pansi. Kunja kwa gulu lino #MwanzaBorder kapena #Zobue imalunjika bwino. #Limbe ilinso ku Cameroon. Ndipo mayeso omwewa amakuuzani za mbali inayo: mukapeka yanuyanu ngati #GabsToLLWThursday, mupeza kuti palibe positi ina ngakhale imodzi, kutanthauza kuti palibenso munthu amene adzailembe pofufuza. Hashitagi yophatikiza mizinda iwiri, ngati #GaboroneLilongwe, sionekanso kwa amene wadina #Gaborone yokha. Imagwira ntchito pokhapokha gulu lonse litagwirizana kuigwiritsa ntchito, ndipo ife sitinafike pamenepo.

Tsopano za kulembanso kwenikweniko, pamene ambiri akupunthwa. Pali njira ziwiri, kukonza positi yakale podina Edit post, kapena kutumiza yatsopano. Mukakonza yakale, makomenti ndi mayankho onse amatsala, koma tsiku lake limakhala lomwe lija, ndipo musayembekezere kuti ikwera pamwamba ngati yatsopano. Njira imeneyi ndi yabwino pa mapositi a malangizo amene anthu amabwererako, monga ofotokoza mapepala amene BURS imafuna pa katundu wongodutsa m'dziko. Pa positi ya malo m'thiraki, imene moyo wake ndi masiku atatu, tumizani yatsopano. Koma mukatero bwererani ku yakale ija. Ifufuteni, kapena ngati muli makomenti ofunika, lembani pamwamba pake kuti ZATHA ndipo muchotse mahashitagi ake onse. Mukaisiya ndi mahashitagi, wofufuza #Backload apeza mapositi anu awiri, wina wonena Lachinayi wina wosanena tsiku, ndipo sadziwa wokhulupirira. Tili ndi madalaivala muno amene amalandirabe mafoni a ulendo umene anayenda miyezi itatu yapitayo, n'kumakalipira oimbawo, pamene vuto ndi hashitagi imene iwo eni anaisiya.

Msampha wina ndi wokopera. Munthu atenga positi ya ulendo wapita, asintha tsiku ndi matani, koma mzere wa pansi sauyang'ana n'komwe chifukwa diso linauzolowera. Ulendo uno akudutsa pa Ramokgwebana, pansi pakadali #Kazungula. N'chifukwa chake timati polembanso, fufutani kaye mahashitagi onse, malizani mawu, kenako muwerenge zimene mwalembazo n'kutolamo atatu. Lamulo lathu losavuta n'lakuti hashitagi ya malo iliyonse ikhale dzina limene likupezekanso m'mawu a pamwamba. Ngati Martin's Drift mulibe mu uthenga, isapezekenso pansi.

Amene mumatumiza positi imodzi ku Instagram ndi ku Facebook nthawi imodzi, chizolowezi cha mulu chija chinachokera kumeneko, poti kwa zaka zambiri Instagram inkalola mpaka 30 ndipo ogulitsa nsapato ankadzaza onse. Musabweretse mulu umenewo muno.

Pali chinthu chimodzi chimene hashitagi singachite, ndipo tisanamizane. Gulu lino ndi lotseka. Positi imene mwalemba muno imaonedwa ndi mamembala okha, ngakhale mutaikapo hashitagi yotchuka bwanji. Mwini sitolo wa ku Broadhurst amene sali m'gulu muno sadzakupezani pa #Gaborone. Ngati mukufuna anthu akunja, muyenera kutumizanso pa tsamba lanu kapena m'gulu lotseguka, positiyo itaikidwa pa Public. Koma mukatero kumbukirani kuti si eni katundu okha amene amafufuza #Backload. Akuba ndi madobadoba onama nawonso amadziwa kulemba liwu limeneli. Pa positi yotseguka musaike nambala ya thiraki, malo amene mwagona, kapena mtundu wa katundu wodula amene mwanyamula kale. Tsiku, njira ndi matani zikukwana, zinazo mukambirana mutadziwa kuti mukulankhula ndi ndani.

Mnzathu uja anatumiza yatsopanoyo Lachitatu m'mawa, yakale n'kuifufuta. Pofika madzulo anali atagwirizana ndi amayi awiri, wina wa makatoni a ziwiya za m'nyumba opita ku Lilongwe, wina wa katundu wotsikira ku Chipata. Zonse pamodzi zinakwana matani 5, ndipo atatu otsalawo anayenda opanda kanthu, chifukwa wachitatu amene anaimba mapepala ake anali asanatuluke. Sitinganene kuti mahashitagi ndiwo anabweretsa amayiwo. Mmodzi anatiuza kuti anangoiona ikudutsa n'kuwerenga tsiku, winayo ndiye anati analemba Kazungula pofufuzira m'gulu.

Kuyambira Lolemba likudzali tiika pamwamba pa gulu kalembedwe kamodzi ka mayina a maboda amene timadutsa kawirikawiri, #Tlokweng, #PioneerGate, #Ramatlabama, #MartinsDrift, #Ramokgwebana ndi #Kazungula, pamodzi ndi atatu a mtundu wa positi, #Backload, #Malonda ndi #ZaPaBoda. Positi yobwera ndi mahashitagi oposa anayi tiziibweza ngati kale. Amene muli ndi boda imene taiiwala, kapena mukuona kuti #MaloAlipo inayenera kupambana, lembani m'makomenti lisanafike Lamlungu.